Musanasaine mgwirizano wogula nyumba, werengani masiku ake

Anthu ambiri akapatsidwa pepala la mgwirizano wogula nyumba, maso awo amathamangira pa mtengo, kenako posaina. Koma mtengo munagwirizana kale pakamwa, ndipo si kawirikawiri anthu kukanganirana mtengo. Milandu imabadwira m'masamba apakati aja, pamene alemba masiku olipira, tsiku losintha umwini, ndi zimene zidzakuchitikireni mukadzachedwa kulipira. Mapepalawa amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo nthawi zambiri wolemba amakhala loya wa wogulitsa. Loyayo si mdani wanu, komabe wamutuma si inu.

Tiyerekeze kuti mayi wina akugula nyumba ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe pa mtengo wa K60,000,000. Agwirizana kuti asaina pa 6 Januwale n'kupereka dipoziti ya K15,000,000, ndipo zotsalazo azipereka m'magawo atatu ofanana: pa 6 Epulo, pa 6 Julayi ndi pa 6 Okutobala. Kungoona chonchi zikuoneka zosavuta. Koma tatengani kalendala. Pa 6 Julayi ndi tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, mabanki satsegula nthambi zawo. Kodi mayiyu alipire pa 5 kapena pa 7? Mgwirizano wolembedwa bwino umanena kuti tsiku lolipira likagwera patchuthi kapena Lamlungu, malipiro achitike tsiku lantchito lotsatira. Ukapanda kunena, mayiyu alipire tchuthicho chisanafike, chifukwa wogulitsa wofuna chifukwa adzachipezera pomwepo.

Mawu akuti kulipira nawonso ali ndi msampha. Mapepala ena amati munthu walipira pamene ndalama zalowa mu akaunti ya wogulitsa ndipo angathe kuzitapa, osati pamene wogula wazitumiza. Ndalama zochokera kwa mbale wa ku Joni kapena ku Mangalande zimatha kuchedwa m'njira. Mayi wathuyu akatumiza madzulo a tsiku lomaliza, angadzuke ali wochedwa risiti ili m'manja. N'chifukwa chake nambala ya akaunti yolandirira iyenera kulembedwa mumgwirizano momwemo. Ejenti akakuimbirani kuti mwezi uno muponye ku akaunti ina, kanani mpaka mwini wake alembe kalata n'kusaina.

Palinso kalembedwe kena kamene ine sindikakonda konse: "zotsalazo zidzaperekedwa m'miyezi isanu ndi inayi." Kuyambira liti? Tsiku losaina, tsiku lolowa m'nyumba, kapena tsiku limene chilolezo cha boma chatuluka? Uzani loya alembe tsiku, mwezi ndi chaka, ndalama zake pambali, m'manambala ndi m'mawu omwe. Mukatero phatikizani magawo onse nokha muone ngati akukwana mtengo uja.

Tsopano tifike pa kuchedwa, pamene pagona nkhani. Tinene kuti mayi uja walipira dipoziti ndi gawo la Epulo, zonse pamodzi K30,000,000, koma mu Julayi katundu wake wakanirira pachipata cha Mwanza ndipo ndalama palibe. Chimene chichitike chili m'ndime imodzi kapena ziwiri, ndipo ndimezo zimasiyana kwambiri pepala ndi pepala.

Choyamba ndi chiwongoladzanja. Tinene kuti alemba 3 peresenti pamwezi. Funso n'lakuti: peresentiyo ikuwerengedwa pa ndalama ziti? Ngati ndi pa gawo lachedwalo, la K15,000,000, mayiyu awonjezera K450,000 pamwezi. Ngati ndi pa ngongole yonse yotsala, ya K30,000,000, ndiye kuti ndi K900,000. Kusiyana konseku kumabisala m'mawu awiri atatu. Muonenso ngati chiwongoladzanjacho chimawerengedwa patsiku kapena pamwezi wathunthu, chifukwa pena kuchedwa masiku anayi kumalipiritsidwa ngati mwezi wonse. Ndiye pali ndime ina yoopsa kuposa apa, yonena kuti mukaphonya gawo limodzi, ngongole yonse yotsala iyenera kulipidwa nthawi yomweyo. Munthu amene walephera kupeza K15,000,000 akuuzidwa kuti apeze K30,000,000 sabata yomweyo. Ndime imeneyi ikapezeka, pemphani kuti ichotsedwe kapena izigwira ntchito pokhapokha mutaphonya kawiri.

Chiwongoladzanja n'chopilirika, chowawa ndi kuthetsedwa kwa mgwirizano. Maloya ali ndi chiganizo chawo chachifupi chonena kuti kusunga nthawi ndiye phata la mgwirizano. Chimaoneka ngati mawu ongokometsera, koma tanthauzo lake m'malamulo n'lakuti kuchedwa ngakhale tsiku limodzi kumapatsa wogulitsa mphamvu yothetsa zonse. Chiganizochi chikapanda kulembedwa, kawirikawiri wogulitsa amayenera kuyamba wakuchenjezani m'kalata ndi kukupatsani nthawi yokwanira. Ndiye funani ndime ya chenjezo: masiku angati, 14 kapena 30, kuwerenga kuyambira liti, ndipo kalatayo idzaperekedwa kuti. Ngati adilesi yolembedwa ndi bokosi la kupositi limene munasiya kutsegula kalekale, masiku 14 adzatha inu musakudziwa.

Musaganize kuti wogulitsa aliyense adzakumverani chisoni. M'Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo chaka cha 2022 mu Meyi inali itatsitsidwanso ndi 25 peresenti. Zikatere, munthu amene anagulitsa nyumba pamtengo wakale, n'kumalandira ndalama pang'onopang'ono, amaona kuti waluza. Kuchedwa kwanu kwa sabata imodzi kwa iye ndi khomo lotulukira kuti akagulitse kwa wina pamtengo watsopano. Sindikunena kuti ndi woipa mtima. Ndikungonena kuti pepala liyenera kukutetezani ngakhale pa tsiku limene chifundo chatha.

Nanga mgwirizano ukatha, K30,000,000 ija ipita kuti? Apa werengani pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Pepala lina limati wogulitsa asunga gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo, ndiye kuti K6,000,000, n'kubweza K24,000,000. Lina limati asunga dipoziti yonse, K15,000,000. Lina limati ndalama zonse zimene zaperekedwa zapita basi. Makhoti sakondwera ndi chilango choposa muyeso wa zimene wogulitsa wataya, ndipo wogula angathe kukadandaula, koma mlandu umadya nthawi ndi ndalama, pamene kukonza ndimeyo musanasaine kumangofuna cholembera. Onaninso tsiku lobwezera. Mawu akuti "ndalama zidzabwezedwa nyumba ikagulidwa ndi wina" angakudikiritseni zaka, kwacha ikufooka. Ndipo ngati mayi uja analowa kale m'nyumbamo, aone ngati miyezi imene wakhalamo sadzamudula ngati lendi, komanso ngati mpanda umene wamanga adzamubwezera.

Zonsezi ndi zolakwa za wogula. Nanga wogulitsa akachedwa? Mapepala ambiri amangoti zii. Pamenepa m'pofunika kumvetsa mfundo imodzi: kusaina mgwirizano, ngakhale kumaliza kulipira, sikukusandutsani mwini nyumba. Pa malo olembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, mwini ndi amene dzina lake lili m'kaundula wa ku ofesi ya za malo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Makiyi ndi marisiti akadali fodya wapachala.

Choncho musanapereke dipoziti, loya wanu akachite kafukufuku m'kaundulamo, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu malinga ndi kumene kuli nyumbayo. Kafukufukuyu amaonetsa dzina la mwini, mtundu wa umwini, zaka zotsala ngati ndi lizi, ndiponso ngati nyumbayo inaikidwa chikole kubanki. Dzina ndi nambala ya taitolo zifanane ndendende ndi zimene zili mumgwirizano. Ngati dzina ndi la malemu, wogulitsa aonetse kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma chamasiye. Kukhala mwana woyamba kubadwa sikukwanira. Ngati pali chikole, mgwirizano unene kuti gawo la ndalama zanu lipita mwachindunji kubanki kukatseka ngongoleyo, banki n'kutulutsa chikalata chomasula nyumba.

Popeza mayi wathu adzakhala akulipira kwa miyezi isanu ndi inayi dzina likadali la wina, pali chida china chimene ambiri sachidziwa: koshoni. Ili ndi chenjezo limene munthu wokhudzidwa ndi malo amakalembetsa m'kaundula, kuti pasachitike kugulitsa kapena kuika chikole iye asakudziwa. Nkhani za nyumba imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri timazimva kawirikawiri, ndipo koshoni ndiye amatseka mpata umenewo.

Kusintha umwini kwenikweni kuli ndi masitepe ake, ndipo mgwirizano unene wochita aliyense ndi tsiku lake. Ngati ndi lizi, pamafunika chilolezo chochokera kwa amene anapereka liziyo, kaya ndi Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo ya mzinda, ndipo iwo sapereka chilolezo lendi ya malo isanalipidwe. Pamafunika chikalata cha khonsolo chosonyeza kuti msonkho wa nyumba ulibe ngongole, ndi cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Kenako onse awiri amasaina chikalata chosinthira umwini pamaso pa mboni yovomerezeka, msonkho wa sitampa umalipidwa potengera mtengo wa nyumba, ndipo chikalatacho chimakalembetsedwa m'kaundula. Mwa chizolowezi msonkho wa sitampa ndi wa wogula, ngongole zakale za khonsolo, madzi ndi magetsi ndi za wogulitsa, koma chizolowezi si umboni. Zilembedwe.

Apa ndi pamene masiku olipira ayenera kumangidwa pamodzi ndi masitepewa. Mayi uja aumirire kuti pofika pa 6 Julayi wogulitsa akhale atapempha chilolezo ndi kuonetsa umboni wake. Gawo lomaliza la pa 6 Okutobala lisapite m'thumba mwa wogulitsa, koma lisungidwe ndi loya, amene adzalitulutse pokhapokha chilolezo chatuluka, chikalata chosinthira umwini chasainidwa, ndipo taitolo yeniyeni yaperekedwa. Munthu amene walandira ndalama zake zonse sakhalanso ndi changu choyenda m'maofesi. Foni imayamba kungoitana. Ndime ina inene kuti chilolezo chikakanidwa, kapena wogulitsa akalephera mbali yake pofika tsiku lakutilakuti, abweza ndalama zonse ndi chiwongoladzanja chofanana ndi chija amafuna kukulipiritsani inu.

Wogulitsa akadzakuuzani pafoni kuti musadandaule, mulipira mwezi wamawa, thokozani, koma mupemphe kuti alembe ndi kusaina, chifukwa mapepala ambiri amanena kuti kusintha kulikonse kosalembedwa sikuwerengedwa. Ndipo pepala lenilenilo litengereni kunyumba mukagone nalo, mawa lake mupite nalo kwa loya wanuwanu, osati wa wogulitsa. Ejenti akanena kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana ano, muuzeni kuti inu musaina loya wanu akawerenga.