Sukulu ikatseka mwadzidzidzi, uthenga ufikira pa foni ya yani?

Pa 2 Januwale 2023, kutatsala tsiku limodzi kuti teremu iyambe, boma lidalengeza kuti sukulu zapulayimale ndi zasekondale za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zisatsegulidwe chifukwa cha kolera. Ana ambiri a sukulu zogonera komweko adali atanyamuka kale, ena atafika ndithu, ndipo makolo adayenera kusakanso ndalama ya basi yowabwezera kunyumba. Sukuluzo zidatsegulidwa pa 17 Januwale. Pasanathe miyezi iwiri kuchokera apo, namondwe wa Freddy adakakamiza Unduna wa Zamaphunziro kuimitsa maphunziro m'maboma 10 a chigawo chakumwera, ndipo makalasi ambiri adasanduka malo ogona anthu othawa madzi.

Nthawi zonse ziwirizi chiganizo chotseka chidapangidwa mofulumira, monga mmene chimayenera kukhalira. Vuto lidali lakuti uthenga ufike bwanji pa khomo lililonse mwana asanavale yunifomu. Wailesi imalengeza za boma lonse kapena mzinda wonse, koma siinganene kuti mtsinje womwe ana a mudzi wakutiwakuti amawoloka wadzaza, kapena kuti denga la Sitandade 3 lasasuka usiku. Nchifukwa chake mwana akabwera ndi kalata yochokera kwa ahedi, yonena kuti sukulu yayamba kudziwitsa makolo pa foni ndipo ikupempha manambala, kalatayo ndi yofunika kuiwerenga modekha ndi kuiyankha sabata yomweyo.

Dongosolo lake si lovuta. Sukulu imasonkhanitsa manambala a makolo pa mndandanda umodzi, ndipo tsiku la vuto ahedi kapena achiwiri awo amalemba meseji imodzi yomwe imapita ku manambala onsewo nthawi imodzi. Njira yodalirika ndi SMS, chifukwa imalowa ngakhale m'kafoni kamabatani, siifuna bandulo ya intaneti, ndipo wolandira salipira kanthu ngakhale foni ilibe mayunitsi. Gulu la WhatsApp ndi lothandiza powonjezera, koma limasiya kunja agogo ndi makolo ena ambiri amene mafoni awo alibe intaneti, komanso uthenga wa ahedi umamira msanga pakati pa malonje, mapemphero ndi zithunzi. Kutseka sukulu zambiri nthawi imodzi ndi chiganizo cha boma, chomwe chimafika kwa ahedi kudzera ku ofesi ya maphunziro ya pa boma ndi kwa alangizi a zoni. Meseji ya sukulu ntchito yake ndi kufikitsa chiganizocho pakhomo, ndi kuwonjezera za pamalopo zomwe wailesi singatchule.

Kalata yolembedwa bwino imapempha zinthu zochepa: dzina la mwana, kalasi yake, dzina la kholo kapena womuyang'anira, nambala yoyamba, ndi nambala yachiwiri ngati ilipo. Ngati ana a nyumba imodzi ali atatu pa sukulu yomweyo, onse alembedwe pa fomu imodzi kuti meseji isabwere katatu ndi kuwonongetsa sukulu ndalama.

Funso lalikulu pa fomuyo ndi lakuti nambala yoyamba ikhale ya yani, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amaphonya. Chizolowezi ndi kulemba nambala ya bambo, poti ndiwo mutu wa banja ndipo mwina ndiwo amalipira zofunika kusukulu. Koma ngati bamboyo amagwira ntchito ku Joni, kapena amalawira ku ntchito 4 koloko mbandakucha foni ili m'thumba, meseji idzafika kwa munthu amene sangathe kumugwira mwana dzanja ndi kumubweza m'nyumba. Nambala yoyamba iyenera kukhala ya foni yomwe imagona m'nyumba momwe mwana amagona, kaya ndi ya mayi, ya agogo, ya azakhali kapena ya mkulu wake wa mwanayo. Bambo akhale pa nambala yachiwiri, ndipo palibe ulemu womwe watayika pamenepo. Kungakhale kwanzeru kuti manambala awiriwo akhale a makampani osiyana, wina wa TNM wina wa Airtel, chifukwa nsanja ya kampani imodzi ikazima ya inayo mwina imakhala ikugwirabe. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuthimathima kwa magetsi komwe kudatsatira kudaphunzitsa anthu kuti tsiku la mvula yoopsa ndilonso tsiku lomwe mafoni amakhala opanda moto.

Banja lopanda foni lisabweze fomu yopanda kanthu. Lilembe nambala ya neba wapafupi, koma litamupempha kaye ndi kugwirizana kuti meseji ikafika adzagogoda pakhomo.

Kalembedwe ka nambala nakonso kali ndi misampha yake. Nambala ya foni ya m'manja ku Malawi ili ndi manambala 10 ikayamba ndi 0, monga 088 ya TNM kapena 099 ya Airtel. Ikalembedwa ndi +265 kutsogolo, 0 woyambayo amachoka ndipo patsala manambala 9. Kulemba +265 kenako 099 ndi kulakwitsa, ndipo makina ena otumizira mameseji amaikana nambala yotere mwakachetechete. Kholo liwerenge manambalawo kawiri lisanapereke fomu, ndipo lilembe 1 ndi 7, komanso 4 ndi 9, moti wina asawasokoneze. Kwa mphunzitsi wolowetsa manambala mu kompyuta kuli msampha wina: pulogalamu ya Excel imachotsa yokha 0 woyamba ngati danga silidaikidwe kuti likhale `Text`. Akaona manambala onse akuyamba ndi 88 kapena 99, adziwe kuti chachitika ndi chimenecho.

Tiyerekeze sukulu yapulayimale ya ana 1,200 ochokera m'mabanja 800. Ahedi agawa mafomu Lolemba, ndipo pofika Lachisanu abwerera 700. Lachitatu lotsatira 12 koloko masana, pa nthawi yomwe idalembedwa kale m'kalata, sukulu itumiza meseji yoyesera. Mawa lake mphunzitsi aliyense poitana mayina afunsa mwana ngati meseji idafika kwawo, ndipo zipezeka kuti mabanja 630 adailandira. Pamenepo sukuluyo isadzinamize kuti ikufikira mabanja 700. Ikufikira 630 mwa 800, ndipo 170 akadali mumdima: 100 omwe sadabweze fomu ndi 70 omwe nambala yawo ili ndi vuto. A 70 amenewo ndi osavuta kuwapeza chifukwa mayina awo alipo. Ena nambala idalembedwa molakwika, ena simu khadi adaitaya kalekale, ena foni yadzaza mameseji akale ndipo siikulandiranso atsopano. Mabanja 100 enawo ndi ntchito ya komiti ya sukulu, a PTA, amayi a gulu loyang'anira ana ndi amfumu kuwayendera. Sukulu yomwe siidayese dongosolo lake nyengo ili bwino idzazindikira mipata imeneyi tsiku lomwe mtsinje wadzaza kale. Choncho kholo lomwe silidalandire meseji yoyesera lisadikire kufunsidwa, lipite kuofesi likakonzetse.

Meseji yeniyeni iyenera kukhala yaifupi koma yokwana. Ingakhale ngati iyi, yoyamba ndi dzina la sukulu: "Sukulu yatsekedwa Lolemba pa 13 Malichi chifukwa cha mvula yamphamvu. Ana onse akhale kunyumba. Uthenga wina ubwera Lolemba 5 koloko madzulo. Ahedi." Muli tsiku, chifukwa, ana okhudzidwa, ndi nthawi ya uthenga wotsatira. Tsiku ndilo lofunika kuposa zonse. Foni ikakhala yozima, meseji imasungidwa ku kampani kwa kanthawi ndipo imalowa foniyo ikayatsidwa. Kholo lomwe latchajitsa foni pa msika Lachitatu likhoza kulandira mawu akuti "mawa kulibe sukulu" omwe adatumizidwa Lamulungu, ndi kumujombetsa mwana Lachinayi anzake ali m'kalasi. Mawu akuti "lero" ndi "mawa" paokha asamalembedwe mu meseji yotere, ndipo wowerenga ayambe wayang'ana tsiku.

Kufupikitsa kulinso ndi chifukwa cha ndalama. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, kuphatikizapo mipata. Zikapyola apo imawerengedwa ngati mameseji awiri, ndipo kwa mabanja 700 ndiye kulipira mameseji 1,400. Olemba Chichewa asamale ndi chilembo cha ŵ chokhala ndi kachipewa: sichili pa zilembo wamba za SMS, ndipo chikangolowa chimodzi malire amatsika kufika pa zilembo 70, moti meseji ya zilembo 150 imagawika patatu.

Makolo ena amakayika kupereka nambala, ndipo kukayikako kuli ndi maziko. Amalawi ambiri adalandirapo meseji ya akathyali yonamizira kuti ndalama itumizidwe pa nambala yakutiyakuti, kapena foni yonena kuti mwana wadwala kusukulu ndipo pakufunika ndalama mwamsanga. Kalata ya sukulu iyenera kunena poyera nambala kapena dzina lomwe mameseji adzachokere, ndipo kholo lisunge nambalayo m'foni ndi dzina la sukulu tsiku lomwelo. Meseji yotseka sukulu siipempha ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, siifunsa nambala yachinsinsi, ndipo siiuza munthu kuti adine pa linki. Ikachita chimodzi mwa izi ndi yabodza, ngakhale itatchula dzina la mwana molondola. Ku mbali ya sukulu, mndandandawo ndi katundu wa makolo womwe yangosungitsidwa. Malawi ali ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa ndi mabungwe, ndipo bungwe la MACRA ndilo limaliyang'anira. Manambala otoleredwa pofuna kuchenjeza za kutseka sukulu asaperekedwe kwa ogulitsa malonda kapena kwa andale nthawi ya kampeni, ndipo makolo ali ndi ufulu wofunsa pa msonkhano wa PTA kuti mndandandawo akusunga ndani komanso amene ali ndi mphamvu yotumiza meseji ndi ndani.

Pali malire amodzi omwe kalata yoona mtima iyenera kuwatchula. Kusabwera kwa meseji sikutanthauza kuti njira ili bwino. Ahedi sangaone mtsinje uliwonse wa m'dera lawo 5 koloko m'mawa, ndipo foni yawo nayonso ikhoza kukhala yopanda netiweki. Ngati mvula yagwa usiku wonse ndipo madzi akuyenda pamwamba pa mlatho, mwana akhale kunyumba, meseji ibwere isabwere, ndipo wailesi ikhale yotsegula kuti machenjezo a nthambi yoona zanyengo amveke.

Mndandanda umakalamba msanga, pakuti anthu amataya mafoni, amasintha simu khadi, ndipo ana amasamuka kuchoka kwa amayi kupita kwa agogo pakati pa chaka. Kholo lililonse lomwe lasintha nambala likadziwitse mphunzitsi wa kalasi sabata yomweyo, ndipo sukulu iyese meseji yake kumayambiriro kwa teremu iliyonse, makamaka yoyamba, mvula ya Novembala isanayambe.