Matumba 36 a feteleza ndi mizere iwiri yoyambirira

Mng'ono wanga, amene akuphunzira sitatisitikisi ku koleji, anabwera kunyumba madzulo ena atanyamula pepala la ntchito ya m'kalasi. Iye ndi mnzake anawerengera funso limodzi, manambala awo anafanana mpaka kumapeto, koma mayankho anasiyana. Mnzakeyo analemba kuti matumba ndi operewera, iye analemba kuti umboni ndi wosakwanira. "Achimwene, walakwa ndani?" anandifunsa. Nditayang'ana mapepala onse awiri ndinaona kuti anasiyana pa mizere iwiri yoyambirira, asanakhudze n'komwe kakyuleta.

Funsolo linali lotere. Kampani ina imati thumba lake la feteleza limalemera makilogalamu 50 pa avareji. Alimi akudandaula kuti matumbawo amaperewera. Woyendera masikelo wasankha matumba 36 mwachisawawa, wawayeza, ndipo avareji yake yatuluka makilogalamu 49.4. Zikudziwika kale kuti kulemera kwa matumba a kampaniyi kumasiyanasiyana ndi sitandadi diviyeshoni ya makilogalamu 2. Kodi pa mlingo wa 5 peresenti, dandaulo la alimi lili ndi umboni?

Musanawerengere chilichonse mumalemba maganizo awiri otsutsana, omwe m'kalasi amawatchula kuti mahaipothesisi. Loyamba, lolembedwa H₀, limanena kuti palibe chasintha, zinthu zili monga mwini katundu akunenera. Lachiwiri, H₁, ndi limene wodandaula akufuna kulipezera umboni. Zili ngati pabwalo la milandu: woimbidwa mlandu amakhala wosalakwa mpaka umboni utamugwira, ndipo ntchito yobweretsa umboniwo ndi ya wodandaula. Apa woimbidwa mlandu ndi kampani, choncho H₀ ndi μ = 50. Chizindikiro cha kufanana chimakhala mu H₀ nthawi zonse, chifukwa kuwerengera konse kotsatira kumayamba ndi mawu akuti "tiyerekeze kuti avareji ndi 50 ndendende", ndipo simungayerekeze popanda nambala imodzi yoimapo.

Chilembo μ chimaimira avareji ya matumba onse a kampaniyo, ngakhale amene woyenderayo sanawaone. Ophunzira ambiri amapunthwa pamenepa, amalowetsa 49.4 mu H₀ kapena mu H₁. Nambala ya 49.4 tikuidziwa kale, sikelo yatiuza, palibe choiganizira. Iyo ndi mboni chabe. Mukaona nambala yochokera pa sampulo yakhala mu mizere iwiri yoyambirira, dziwani kuti zasokonekera.

Tsopano pamene anyamata awiriwa anasiyanirana. Mnzake uja analemba H₁: μ < 50, mng'ono wanga analemba H₁: μ ≠ 50. Woyambayo akuyang'ana mbali imodzi, ya kuperewera basi. Winayo akuyang'ana mbali zonse ziwiri, kuperewera ndi kupitirira.

Kuwerengera kwake n'kofanana kwa onse. Avareji ya matumba 36 sisinthasintha kwambiri ngati thumba limodzi, choncho timagawa 2 ndi sikweya ruti ya 36, yomwe ndi 6, n'kupeza pafupifupi 0.333. Kenako timaona kuti 49.4 yatalikirana bwanji ndi 50 tikayeza ndi muyeso umenewu:

```
z = (49.4 − 50) / (2/√36) = −1.8
```

Nanga −1.8 ndi patali mokwanira kuti tikane mawu a kampani? Apa mpamene H₁ imagwira ntchito. Mlingo wa 5 peresenti uja ndi mwayi umene tavomera woti tikhoza kuimba mlandu kampani yosalakwa. Tikayang'ana mbali imodzi, 5 peresenti yonseyo imakhala kumunsi, ndipo malire ake pa tebulo ndi −1.645. Nambala yathu yadutsa malirewo, H₀ yakanidwa, matumba ndi operewera. Tikayang'ana mbali ziwiri, 5 peresenti imagawidwa pakati, 2.5 kumunsi ndi 2.5 kumtunda, ndipo malire amasunthira kutali, pa −1.96 ndi 1.96. Nambala yomwe ija, −1.8, siifika pamenepo, ndipo H₀ sikanidwa. Amene amagwiritsa ntchito nambala ya p aona zomwezo: mbali imodzi imapereka 0.036, yochepera 0.05, pamene mbali ziwiri zimapereka 0.072, yoposa 0.05.

Anakhoza ndi mnzakeyo, ndipo chifukwa chake chili m'mawu a funso. Alimi sanadandaule kuti kulemera kwa matumba kwasiyana ndi 50. Anati matumba amaperewera. Ndi mlimi uti angapite kukadandaula kuti thumba lamupatsa makilogalamu 51? Funso likamakamba za kuchepa, kutsika kapena kuperewera, H₁ imatenga <. Likamakamba za kuchuluka, kukwera kapena kuposa, imatenga >. Likangofunsa ngati chinthu chasintha kapena chasiyana, osatchula kumene chapita, imatenga ≠.

Komabe sindikonda kuti wophunzira aziloweza mawu ngati nyimbo. Ndimamuuza kuti afunse: akufufuzayo ndani, ndipo akuopa chiyani? Tisinthe funso lathu pang'ono. Manambala akhale omwewo, koma woyeza matumba akhale injiniya wa pafakitale amene akufuna kudziwa ngati makina opakira akugwirabe bwino. Iyeyu makina akamapereweza makasitomala athawa, akamapitiriza kampani iluza feteleza. Mbali zonse ziwiri zikumupweteka, choncho kwa iye H₁: μ ≠ 50 ndiyo yolondola, ndipo yankho la mng'ono wanga likanakhoza.

Pali cholakwa china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi, chifukwa nthawi zambiri chimabweretsa yankho looneka labwino. Wophunzira amayang'ana 49.4, amaona kuti ndi yochepera 50, n'kulemba < pa chifukwa chimenecho. Pa funso la alimi apulumuka, chifukwa mawu a funso akuloza komweko. Pa funso la injiniya agwa. Munthu amene amadikira kuona kumene sampulo yagwera kenako n'kusankha mbali imeneyo amakana H₀ nambala ikadutsa −1.645, amakananso ikadutsa 1.645. Ndiye kuti mwayi wake woimba mlandu wosalakwa ndi 10 peresenti, pomwe papepala walemba 5. Njira yabwino ndi kuphimba ndi chala manambala a sampulo, kuwerenga nkhani yokha, kulemba H₀ ndi H₁, kenako n'kuchotsa chalacho.

Kusankha mbali imodzi kuli ndi mtengo wake. Avareji ya matumba 36 aja ikanatuluka 51, z ikanakhala 3, kutali ndithu ndi 50. Koma amene analemba μ < 50 sakanakana H₀, chifukwa kumtunda sanaikeko malire. Akanangonena kuti palibe umboni wa kuperewera.

Mawu omalizira yankho amafunanso kusamala. Mng'ono wanga, atalephera kukana H₀, anapitiriza kulemba kuti matumba amalemeradi makilogalamu 50. Zimenezo manambala sananene. Mlandu ukathetsedwa chifukwa chosowa umboni, sizitanthauza kuti bwalo laona ndi maso kuti munthuyo sanabe. Mwina matumba 36 anangochepa. Kusiyana komweko kwa 0.6 kukanapezeka pa matumba 100, z ikanakhala −3, ndipo ikanadutsa malire a njira zonse ziwiri.

Tinakhala pansi n'kulembanso yankho lake. Mzere woyamba anafotokoza kuti μ ndi avareji ya kulemera kwa matumba onse a kampaniyo. Pansi pake analemba H₀: μ = 50 ndi H₁: μ < 50, ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi: alimi akudandaula za kuperewera kokha. Kumapeto analemba kuti popeza −1.8 ndi yochepera −1.645, pa mlingo wa 5 peresenti pali umboni wokwanira wakuti avareji ya matumbawo ndi yosakwana makilogalamu 50.