Inshulansi ya galimoto imathera pachipata

Amalonda ambiri amene amapita ku Chipata kapena ku Lusaka pa galimoto yawo amaganiza kuti inshulansi imene anadula kuno kumudzi iwateteza kulikonse. Si choncho. Kawirikawiri mphamvu yake imathera pa Mchinji. Mukangolowa m'Zambia, mufunika Yellow Card ya COMESA.

Khadi imeneyi mumaigula kukampani ya inshulansi musananyamuke, ndipo inshulansi yanu ya kuno iyenera kukhala isanathe. Onetsetsani kuti nambala ya galimoto yalembedwa molondola, masiku akukwanira ulendo wonse, komanso dziko lililonse limene mudutsemo latchulidwa.

Ntchito yake yaikulu ndi kulipira anthu ena amene mwawavulaza, motsatira malamulo a dziko limene ngoziyo yachitikira. Tinene kuti mwagunda wanjinga pa Katete. Itanani apolisi, mutenge lipoti lawo, kenaka mudziwitse ofesi yoyang'anira khadiyi m'Zambia momwemo. Ndi imene imayendetsa za chipukutamisozi, simuchita kudikira kampani ya ku Lilongwe. Koma nyali ndi bampala ya galimoto yanu zikaphwanyika, khadiyi sikonzetsa. Apa ndi pamene ambiri amalirira. Ngati muli ndi inshulansi yokonzetsanso galimoto yanu, pemphani kampani ikulembereni kalata yoti igwirenso ntchito kunja.

Opita ku Harare kudzera pa Mwanza ndi Tete akumbukire kuti Mozambique sali mu COMESA. Konzani ndalama yodulira inshulansi ina pa Zobue.