Buku lanu loyamba: mulipereke ku kampani kapena mulitulutse nokha?

Buku likatuluka ku makina n'kukanika kugulidwa, pali munthu amene ndalama zake zalowa m'madzi. Kusiyana kwa njira ziwiri zotulutsira buku kwagona pamenepa. Mukapereka zolemba zanu ku kampani yofalitsa mabuku, monga Dzuka kapena CLAIM ku Blantyre, kampaniyo ndiyo imalipira mkonzi, wojambula chikuto ndi osindikiza, ndipo ikaluza yaluza yokha. Mukalitulutsa nokha, zonsezo zimachoka m'thumba mwanu, koma phindu nalonso simugawana ndi wina.

Tiyeni tiwerengere. Manambalawa ndi ongoyerekeza, poti mitengo ya mapepala sikhalitsa malo amodzi. Tinene kuti mwasindikiza makope 500 pa K4,000 lililonse, zomwe ndi K2,000,000, ndipo mkonzi ndi wokonza chikuto atenga K500,000. Buku limodzi lakudyerani K5,000. Mukamagulitsa nokha pa K10,000, ndalama zanu zibwerera mukagulitsa makope 250. Koma mukakasiya m'sitolo ya mabuku, eni sitolo n'kudula 30 peresenti, inu mulandira K7,000, ndipo mufunika kugulitsa makope 358 musanaone phindu. Masitolo ambiri salipiranso pomwepo. Amadikira buku ligulidwe kaye, ndipo mlembi amatha nsapato akulondola ndalama zake.

Ku kampani mlembi amalandira gawo lochepa, kawirikawiri cha m'ma 10 peresenti. Apa funsani bwino: peresenti ya chiyani? Ikakhala ya mtengo wolembedwa pachikuto, ndi K1,000 pa buku. Ikakhala ya ndalama zimene kampani yalandira sitolo itadula kale zake, ndi K700. Pa makope 500 kusiyanako ndi K150,000, ndipo kumabisala m'chiganizo chimodzi cha mgwirizano chimene munthu wosangalala kuti amulandira sachiwerenga n'komwe. Onaninso ngati pepalalo likunena kuti umwini wa buku ubwerera kwa inu kampani ikasiya kulisindikiza. Popanda mawu amenewo, buku limatha kugona zaka, iwo osalitulutsa, inunso osaloledwa kupita nalo kwina.

Ndiye wina anganene kuti kutulutsa wekha ndiye kokoma. Pa pepala inde. Koma makope 250 aja agule ndani? Funso limeneli ndilo liyenera kukusankhirani njira. M'busa wokhala ndi mpingo waukulu, mphunzitsi amene walemba zothandiza ana pa mayeso a Fomu 4, kapena mlakatuli amene amadzaza holo, ali nawo kale msika, ndipo alibe chifukwa chopatsira kampani gawo lalikulu. Wolemba nthano yaitali amene sadziwika kunja kwa banja lake ali pena. Tsiku lokhazikitsa buku abale ndi anzake amagula ndithu, ena pa mtengo wokwera pomulimbikitsa, koma sabata yotsatira makatoni amatsala kuchipinda, chinyezi ndi chiswe zikuyamba ntchito. Musanalipire osindikiza, lembani mayina a anthu ndi malo amene mukutsimikiza kuti atulutsa ndalama. Akapanda kufika pa nambala yobwezera zimene mwalowetsa, sindikizani ochepa, ngakhale buku limodzi likwere mtengo.

Chovuta n'chakuti khomo la makampani kuno kwathu n'lopapatiza. Ndalama zawo zambiri zimachokera ku mabuku a sukulu, kotero nthano ndi ndakatulo zimadikira miyezi, mwinanso osayankhidwa. Koma ngati mukufuna kuti buku lanu lidzalowe m'kalasi, kampani yozolowera kupereka mabuku kuti akaunikidwe ku Malawi Institute of Education ku Domasi idzakufikitsani kumene nokha mungavutike kufika.

Chenjerani ndi a pakatikati, amene amadzitcha ofalitsa mabuku koma amayamba ndi kukuuzani kuti mulipire. Kulipira munthu kuti akukonzereni buku si kulakwa, bola mudziwe kuti mwagula ntchito: makope onse ndi anu, umwini ndi wanu, mafayilo a bukulo akupatseni. Amene akufuna ndalama zanu ndi umwini womwe, muthaweni.

Mukasankha kuyenda nokha, katengeni nambala ya ISBN ku National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti mukasiye kope la buku lililonse lotuluka m'dziko muno. Za umwini wa zolemba kafunseni ku COSOMA. Ndipo pochepetsa ndalama, musayambire pa mkonzi. Mabuku ambiri odzitulutsira amadziwika pa tsamba loyamba: "kuti" walembedwa mitundu iwiri, ndime yabwerezedwa, masamba akuthothoka pamsana. Pemphani osindikiza akupatseni kope limodzi loyesera, muliwerenge ndi pensulo, mulitambasule mwamphamvu kuti muone ngati guluu wagwira, kenako muwalole asindikize enawo.