Pepala limodzi lomwe mwini golosale angawerenge ataimirira

Kampani yoperekera katundu ikabwera ndi mgwirizano wa masamba 20, eni magolosale ambiri amayang'ana mtengo basi, n'kusaina. Si ulesi ayi. Makasitomala ali pamzere, galimoto la katundu likudikira panja. Nchifukwa chake munthu woyang'anira mabuku a pashopu, kapena loya, amayenera kufinya mgwirizanowo kuti ukwane papepala limodzi.

Luso lake lagona pa kusintha chilankhulo cha maloya kukhala masiku ndi makwacha. Tiyerekeze kuti mwini golosale akutenga zakumwa pangongole, ndipo kampaniyo yamubwereka filiji. Mgwirizano wayamba pa 1 Malichi 2025, utha pa 28 Febuluwale 2026. Ndime ina mkatikati ikuti udzapitirira wokha chaka china pokhapokha wina atalemba kalata yousiya masiku 60 usanathe. Wolemba chidule asakopere mawuwo. Awerenge masikuwo pakalendala n'kulemba kuti: "Mukafuna kusiya, kalata ifike kukampani pasanafike pa 30 Disembala 2025." Imeneyo ndi sabata yomwe shopu imakhala pikitipikiti ndi malonda a Khirisimasi, ndipo palibe amakumbukira za makalata. Tsiku limeneli likhale pamwamba penipeni.

Za ngongole n'chimodzimodzi. Kulemba kuti "lipirani m'masiku 14" n'kosakwanira, chifukwa funso n'lakuti masikuwo ayamba liti. Ngati akuwerengedwa kuchokera pa tsiku la invoisi, koma katundu wafika patapita masiku anayi, mwatsala ndi masiku 10 okha. Chiwongoladzanja nachonso chilembedwe m'ndalama: 3 peresenti pamwezi pa ngongole ya K600,000 ndi K18,000. Mwini shopu amadziwa yekha makireti omwe angagulitse kuti apeze phindu lotero.

Filiji ija imabwera ndi chingwe. Kawirikawiri simuloledwa kuikamo zakumwa za kampani ina, ndipo mgwirizano umanena amene alipire ikawonongeka kapena ikabedwa. Mizere iwiri ikukwana, kuphatikizapo maola omwe mwapatsidwa kuti munene za mabotolo osweka kapena katundu wopelewera. Kusaina pepala lolandirira katundu musanawerenge kumatha kukutsekerani pakamwa.

Mzere uliwonse uthere ndi nambala ya ndime yomwe watengedwako. Ine chidule chopanda manambalawa sindichikhulupirira, chifukwa palibe njira yoonera ngati wolemba wasiya mawu ngati "pokhapokha", omwe amatembenuza tanthauzo lonse. Ndipo zomwe wotsatsa malonda analonjeza pakamwa, monga kubweza katundu wotha nthawi, zikasowa m'mgwirizano, chidule chinene poyera kuti "izi sizinalembedwe", mwini shopu apemphe kuti ziwonjezedwe asanasaine. Mkangano ukafika kukhoti, woweruza adzawerenga masamba 20 aja, osati pepala limodzili.