Kujomba m'sekondale zoyendera: kafukufuku wabwino amayambira m'kaundula

Mphunzitsi amene wabwerera ku koleji kukawonjezera maphunziro, kaya ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba kaya ku Yunivesite ya Mzuzu, amafika nthawi yolemba kafukufuku womalizira digiri. Ambiri amasankha nkhani imene amaiona tsiku ndi tsiku, ya kujomba kwa ophunzira m'sukulu za sekondale zoyendera. Mutuwo ndi wabwino, koma ambiri amaphunthwa m'masamba oyamba enieni, pamene ayenera kulemba mawu oyamba ndi ndime yofotokoza vuto. Mlangizi amabweza pepala ndi funso lakuti, "Vuto lenileni ndi liti apa?"

Chimachititsa n'chakuti wolembayo wauza owerenga kuti ana amajomba ndipo kujomba n'koipa. Izi aliyense amazidziwa. Ndime yofotokoza vuto imafuna zinthu zinayi: mmene zinthu ziyenera kukhalira, mmene zilili pamalo otchulidwa, zotsatira zake, ndi chimene sichikudziwikabe chomwe kafukufukuyo akufuna kupeza. Chachinayichi chikasowa, zimene mwalembazo ndi dandaulo chabe.

Poyamba penipeni, wolemba anene chimene akuchitcha kujomba. Mwana amene wasiya sukulu, dzina lake n'kufufutidwa, ndi nkhani ina. Wojomba adakali m'kaundula koma masiku ena saoneka. Palinso amene amafika phunziro loyamba litatha chifukwa cha mtunda, amene amathawa ikakwana buleki, ndi amene wabwezedwa kunyumba ndi sukulu yomweyo, mwina pachilango mwina pa nkhani ya yunifolomu kapena ndalama. Onsewa phunziro lawaphonya, koma zifukwa zawo n'zosiyana ndipo mankhwala ake ngosiyana. Wolemba asankhe amene akuwawerengera ndi kunena poyera. Ku America ambiri amati mwana ndi wojomba kwambiri akaphonya masiku 10 pa 100 alionse. Mungathe kubwereka muyeso umenewo, bola munene kumene mwautenga ndi chifukwa chake ukuyenera pasukulu ya kwanu.

Kenaka pamabwera manambala, ndipo gwero lake ndi kaundula wa kalasi. Tingoyerekeza kalasi ya Fomu 3 ya ophunzira 60 ndi teremu ya masiku 60. Aliyense akanabwera tsiku lililonse, zikanakhala zochonga 3,600. Mwawerenga mwapeza kuti malo 540 alembedwa kuti mwana sanabwere. Gawani 540 ndi 3,600, mupeza 15 pa 100 iliyonse.

Nambala imeneyi payokha imabisa zambiri. Zikhoza kutheka kuti mwana aliyense m'kalasimo anajomba masiku 9. Zikhozanso kutheka kuti ana 45 sanaphonye n'kamodzi komwe, pamene ana 15 anajomba masiku 36 aliyense. Njira zonse ziwiri zimapereka 540. Pa njira yoyamba muyenera kufunafuna chinthu chimene chimagwira kalasi yonse nthawi imodzi, monga mtsinje wodzaza, tsiku la msika kapena maliro a m'mudzi. Pa njira yachiwiri muyenera kufufuza moyo wa ana 15 aja: amakhala kutali bwanji, amalera abale awo, amagwira ganyu, amadwala, kapena amachita lendi okha pafupi ndi sukulu popanda kholo lowadzutsa. Choncho musanalembe ndime yanu, gawani masiku ojombawo potsata mwana, tsiku la pamlungu, mwezi, ndiponso anyamata ndi atsikana padera. Mukapeza kuti Lachisanu lililonse kalasi imachepa ndipo Lachisanulo ndi la msika, mwayamba kugwira poyambira.

Kaundula nayenso ali ndi malire ake, ndipo wolemba woona mtima amawatchula. Mayina amaitanidwa kamodzi m'mawa, motero wothawa masana amaoneka ngati analipo tsiku lonse. Mukaona mlungu wathunthu wochongedwa ndi cholembera chimodzi, mzere woongoka popanda wojomba ngakhale mmodzi, kayikirani kuti unadzazidwa tsiku limodzi. Mukaona masiku opanda chizindikiro chilichonse, mwina amene sanabwere ndi mphunzitsi. Njira yotsimikizira ndi kupita pasukulupo masiku angapo osanena tsiku, kuwerenga mitu m'mawa ndi masana, n'kufananiza ndi zolembedwa. Chilolezo cha ofesi ya maphunziro ndi cha mphunzitsi wamkulu chikhale m'manja, ndipo dzina la mwana lisatuluke m'pepala lanu.

Ndi manambala oyerekeza aja, ndimeyo ingamveke motere: "Wophunzira wa Fomu 3 amayenera kukhala m'kalasi tsiku lililonse kuti amalize silabasi ya mayeso a MSCE. Komabe pasukulu yoyendera imene tasankha, kaundula wa teremu yachiwiri akusonyeza kuti masiku 15 pa 100 alionse anatayika, ndipo onsewo anatayidwa ndi ophunzira 15 mwa 60. Sukuluyi imapereka chilango kwa wojomba ndi kuitana makolo, koma kujombako sikunachepe. Chimene sichikudziwika n'chakuti ophunzira amenewa akusiyana pati ndi anzawo a m'midzi yomweyo amene amabwera tsiku lililonse. Kafukufukuyu akufuna kupeza zimenezo." Onani kuti ndimeyi sinanene kuti chifukwa chake ndi umphawi. Kulemba chifukwa musanafufuze ndi kuweruza mlandu mboni zisanalankhule.

Mawu oyamba ndiwo amamufikitsa wowerenga pa ndime imeneyi. Ambiri amadzaza masamba ndi nkhani za maiko akutali ndi ubwino wa maphunziro. Ndime imodzi ya zimenezo ndi yokwanira. Malo ambiri apite ku mbiri imene imafotokoza chifukwa chake sukulu yoyendera ili mmene ililimu. M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka, ndipo ofuna malo ku sekondale anachulukanso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa ma CDSS. Sukulu imodzi yotere imalandira ana ochokera m'mapulayimale angapo, ena a kutali ndithu. Mwana wogonera pasukulu akadzuka ali kale pakhomo la kalasi, pamene woyendera amayamba watunga madzi kapena wapita kumunda, n'kuyenda mtunda, nthawi zina wosadya. Kusiyana kumeneku ndiko kumapereka chifukwa chofufuzira sukulu zoyendera pazokha.

Mukatero fotokozani dera lanu mwachindunji. Kunyanja usodzi umakoka anyamata, kumadera a fodya nthawi yothyola ndi kusoka imafuna manja ambiri, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale njala ndi mvula zimakumana. Samalaninso ndi chaka chimene mukutengapo manambala. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu m'maboma ambiri a kummwera, ndipo masiku amene sukulu inali yotseka sawerengedwa ngati kujomba kwa mwana.

Pomaliza yesani ngati mutu woyamba ukugwirizana. Funso lililonse la kafukufuku lichokere mu ndime ya vuto. Ngati ndimeyo ikukamba za ophunzira 15 a Fomu 3, funso lofufuza malipiro a aphunzitsi m'dziko lonse lilibe malo. Ngati mwalemba kuti palibe amene anafufuzapo nkhaniyi, mlangizi adzakufunsani zimene mwawerenga, choncho ndi bwino kunena zimene ena anapeza ndi pamene analekezera.

Inu amene mukukonzekera kulemba mutu umenewu, musayambe ndi tsamba loyamba. Pemphani chilolezo, khalani pansi ndi kaundula wa teremu imodzi, muwerenge mwana ndi mwana, kenaka mulembe vuto limene manambalawo akusonyeza.