Madeti Akakana Kusonkhana mu PivotTable

Aliyense amene amasunga kaundula wa malonda mu Excel amadziwa kuti PivotTable imapeputsa ntchito ya kumapeto kwa mwezi. Mumakokera madeti ku Rows, ndalama ku Values, kenako n'kudina batani lakumanja la mausi pa deti limodzi ndi kusankha Group kuti masiku onse asonkhane m'miyezi. Koma tsiku lina, m'malo mwa Januwale, Febuluwale ndi Malichi, pamangotuluka kauthenga kakuti "Cannot group that selection." Kauthengaka sikakuuzani chimene chalakwika kapena pamene chili. Ambiri akafika pamenepa amagwa ulesi n'kuyamba kuphatikiza ndi kakyuleta, pomwe vutolo limatha m'mphindi zochepa munthu akadziwa poyang'ana.

Gwero lake ndi mmene Excel imasungira deti. Ife timaona 05/03/2024, koma m'kati mwake muli nambala chabe. Kuwerenga kumayambira pa 1 Januwale 1900, lomwe ndi tsiku 1, ndipo tsiku lililonse limawonjezera imodzi. Choncho 1 Januwale 2024 ndi 45292, ndipo 5 Malichi 2024 ndi 45356. Group imagwira ntchito ndi manambala amenewa: imaona laling'ono ndi lalikulu, n'kugawa zapakatipo m'miyezi kapena m'zaka. Mukapezeka kabokosi ngakhale kamodzi komwe muli mawu osati nambala, imakana kolamu yonse, monga mmene kamwala kamodzi kamalepheretsera munthu kudya mbale yonse ya mpunga. Chosautsa n'chakuti mawuwo akhoza kuoneka ngati deti lenileni.

Tiyerekeze kuti sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza ili ndi kaundula wa mizere 1,200, madeti ali mu kolamu A kuyambira A2 mpaka A1201. Musayambe n'kuyang'ana mzere uliwonse ndi maso. Pa tibokosi titatu topanda kanthu cha kumbali lembani izi:

```
=COUNT(A2:A1201)
=COUNTA(A2:A1201)
=ROWS(A2:A1201)
```

Yoyamba imawerenga tibokosi tokhala ndi manambala okha, yachiwiri imawerenga kalikonse komwe muli kanthu, yachitatu ikutiuza kuchuluka kwa mizere. Tinene kuti mayankho ndi 1187, 1196 ndi 1200. Kuchotsa 1187 pa 1196 kukutsala 9, ndiye kuti tibokosi 9 tili ndi mawu. Kuchotsa 1196 pa 1200 kukutsala 4, ndipo timeneti ndi topanda kanthu. Tsopano mukudziwa kuti mukusaka mizere 13, osati chikwi.

Kuti muipeze, ikani Filter pa kaundulayo n'kutsegula kamuvi ka pa kolamu ya madeti. Madeti enieni Excel imawaika pansi pa chaka chawo, monga 2024. Chilichonse chimene chaima pachokha kunja kwa chakacho ndi mawu, ndipo kumunsi kwenikweni mupeza (Blanks). M'sitolo yathuyi mwina mupeza 14.03.2024 lolembedwa ndi madontho, 31/04/2024 pomwe Epulo amathera pa 30, ndi pena pamene wogulitsa analemba kuti "ngongole" chifukwa kasitomala anali asanalipire. Palinso chizindikiro china chosavuta: ngati simunasinthe kaimidwe ka zolemba, manambala amatsamira kumanja kwa kabokosi pomwe mawu amatsamira kumanzere.

Apa m'pamene anthu ambiri amanyengeka. Amasankha kolamu yonse, n'kupita pa Format Cells, n'kusankha Date, poganiza kuti akonza. Sanakonze kanthu. Format imangosintha maonekedwe a nambala yomwe ilipo kale, siisandutsa mawu kukhala nambala. Mukafuna kutsimikiza, sinthani kolamuyo kukhala General: deti lenileni lisanduka nambala ngati 45356, labodza likhala momwe linalili. Njira yosandutsiradi ndi Text to Columns, yomwe ili pa Data. Sankhani kolamuyo, dinani Next kawiri, pa gawo lachitatu sankhani Date ndi DMY, ndiye Finish. Madeti ngati a madontho aja asanduka enieni. Koma 31/04/2024 ndi "ngongole" sizingasinthe, chifukwa tsiku lotero kulibe. Zimenezo zimafuna kuti munthu atsegule buku la malisiti n'kulemba tsiku loona, ndipo mawu akuti ngongole apite mu kolamu yawoyawo.

Nkhani ya tibokosi topanda kanthu ili pawiri. M'ma Excel akale, kabokosi kamodzi kopanda kanthu kankatha kuletsa Group, ndipo ichi chinkavuta kwambiri anthu osankha makolamu athunthu, monga A:D, popanga PivotTable, chifukwa mizere yonse yopanda kanthu ya kumunsi inkalowa nawo. Ma Excel atsopano nthawi zambiri amalekerera kabokosi kopandiratu kanthu. Chimene salekerera ndi kabokosi kooneka kopanda kanthu koma muli mpata umene wina anadina pofuna kufufuta, kapena fomula yobweza `""`. Kwa Excel zimenezi ndi mawu, n'chifukwa chake COUNTA imaziwerenga. Ndikupemphani chinthu chimodzi: musadzaze mipatayo ndi deti longopeka kuti uthenga uja uchoke. Malonda a mzere umenewo akalowa m'mwezi wolakwika, lipoti lituluka looneka bwino koma lonama.

Pali vuto lina loposa onsewa, lomwe limabwera ndi mafayilo a CSV ochokera ku banki kapena ku pulogalamu ya pa tilu. Kuno timalemba tsiku kaye, mwezi pambuyo, koma makompyuta ambiri amene timagula amabwera atatcheredwa mwa ku America, komwe mwezi ndiwo umayamba. Kompyuta yotero ikaona 13/03/2024 imasowa mwezi wa 13, ndiye imalisiya ngati mawu. Ikaona 05/03/2024 sidandaula, koma imaliwerenga ngati 3 Meyi, nambala 45415, m'malo mwa 5 Malichi. Ndiye mukaona kuti madeti onse okanika ndi oyambira pa 13 kupita m'tsogolo, dziwani kuti amene akuoneka abwinowo atembenuzidwa. Pamenepa kukana kwa Group kwakuthandizani, chifukwa kwakuululirani cholakwa chimene mukanapita nacho kwa abwana osadziwa. Musakonze theka lokha. Bwererani ku fayilo yoyambirira, ilowetseni kudzera pa Data, From Text/CSV, Transform Data, ndipo pa kolamu ya madeti sankhani Change Type, Using Locale, Date ndi English (United Kingdom). Mukatero madeti onse awerengedwa tsiku kaye.

Mukamaliza kukonza, PivotTable siidziwa yokha kuti zinthu zasintha, popeza imagwiritsa ntchito zimene inasunga pamene inkapangidwa. Dinani Refresh, ndipo ikakanabe chotsani madeti ku Rows, dinaninso Refresh, kenako abwezereni. COUNT ikafanana ndi ROWS, kutanthauza 1200 ndi 1200 m'chitsanzo chathu, Group itsegula bokosi lake. Mmenemo sankhani Months pamodzi ndi Years ngati kaundulayo wadutsa chaka chimodzi, apo ayi Malichi wa 2024 aphatikizidwa ndi Malichi wa 2025.

Kuti zisabwerezeke, sandutsani kaundulayo kukhala Table podina Ctrl+T, kuti PivotTable izitenga mizere yokhayo yomwe ili ndi zinthu. Pa kolamu ya madeti ikaniponso Data Validation n'kusankha Date pa Allow, kuti wolemba akalemba mawu kompyuta izimukaniza pomwepo. Dziwani kuti chitetezo chimenechi sichigwira zinthu zochita kukopera kwina n'kumata, choncho musafufute mafomula atatu aja. Asiyeni pambali pa kaundula wanu, ndipo muziwayang'ana mwezi uliwonse musanatumize lipoti.